Nkhani yofupikitsa iyesedwe pakamwa, osati ndi maso okha

Mkonzi wa nkhani pawailesi, kaya ndi ku MBC imene inakhazikitsidwa mu 1964 kapena ku Zodiak imene inayamba kuulutsa mawu mu 2005, amakhala akulimbana ndi wotchi. Mtolankhani amabweretsa nkhani yodzaza tsamba, koma mpata umene ulipo ndi masekondi 30 okha. Kudula n'kosapeweka. Chovuta n'chakuti nkhani yodulidwa bwino papepala imatha kumutsamwitsa muulutsi.

Munthu akamafupikitsa zolemba, dzanja limathamangira kulumikiza ziganizo zitatu kukhala chimodzi pogwiritsa ntchito "amene", "womwe" ndi "komanso". Woŵerenga nyuzipepala savutika nazo, pakuti akasokonezeka amabwerera m'mbuyo. Womvera alibe mwayi umenewo. Mawu akadutsa, adutsa, ndipo mwina akumvera uku akupalasa njinga kapena akutakasa nsima.

Tiyerekeze kuti mkonzi wapanikiza nkhani motere: "Mlatho wa pamtsinje wa m'boma lino, umene unamangidwa zaka zitatu zapitazo ndi ndalama zokwana K248,750,000 komanso womwe anthu a m'midzi khumi ndi iŵiri amadutsapo popita kuchipatala, wakokoloka ndi madzi usiku wathawu, watero mkulu wa khonsolo."

Palibe cholakwa pagalamala. Koma pakati pa "mlatho" ndi "wakokoloka" pali mawu oposa makumi aŵiri, ndipo nthaŵi yonseyi womvera sakudziŵa ngati mlathowo wagwa, watsegulidwa kapena wapakidwa utoto. Mpweya wa muulutsi umathera chapakati, penipeni pamene pali chiŵerengero cha ndalama, chimene pakamwa chimatalika kuposa mmene chikuonekera papepala. Akapuma pamenepo, ganizo laduka. Ndiye kumapeto kwenikweni m'pamene womvera akuuzidwa mwini mawu, atamva kale zonse ngati zonena za wailesiyo.

Mkonzi wozoloŵera amaimasula chonchi: "Mlatho wina m'boma lino wakokoloka usiku wathawu. Mkulu wa khonsolo wati anthu a m'midzi khumi ndi iŵiri tsopano alibe podutsira popita kuchipatala. Mlathowu unadya pafupifupi K250 miliyoni, koma wangotha zaka zitatu zokha."

Chochitika chabwera poyamba, wonena watchulidwa asananene, ndipo ndalama zazunguliridwa kuti khutu lizigwire. Mawu oti "mlatho" abwerezedwa dala. Mphunzitsi wa chimangirizo akhoza kuwadula ndi cholembera chofiira, koma womvera amene wangotsegula wailesi nkhani ili pakati amawafuna.

Ena akamva malangizo oti ziganizo zikhale zazifupi amapitirira muyezo. "Mlatho wagwa. Madzi asefukira. Anthu avutika. Khonsolo yalankhula." Izi zimamveka ngati musi mumtondo, kugunda kofanana mpaka womvera kuwodzera. Choipa china n'chakuti timawu ngati "chifukwa", "koma" ndi "choncho" tatayidwa, pamene ndi timeneti timauza khutu kuti ichi chadza kaamba ka icho. Pofupikitsa nkhani yoŵerengedwa mokweza, ndi bwino kutaya mfundo yathunthu yosafunika kwenikweni kusiyana ndi kuzula timawu tolumikizira. N'chifukwa chake m'chitsanzo chokonzedwa chija chiganizo chachifupi chatsatidwa ndi chachitali, kenaka chapakatikati.

Chichewa chilinso ndi khalidwe lake limene limadya nthaŵi. Wolankhula akafika popumira, amakoka phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto, kotero "kuchipatala" kumamveka ngati "kuchipataala". Mpumiro uliwonse umabwera ndi kukoka kumeneku pamodzi ndi kupuma kwenikweniko. Ziganizo zisanu ndi chimodzi zazifupi zikhoza kutenga nthaŵi yaitali kuposa zitatu zokhala ndi mawu omwewo.

Kuŵerenga kuchuluka kwa mawu nakonso kumanamiza. Aulutsi a Chingerezi amayerekeza mawu atatu pa sekondi imodzi, ndiye kuti 90 pa masekondi 30. Muyezo umenewu sugwira m'Chichewa, mmene liwu limodzi ngati "sanawapulumutse" lili ndi maphatikizo asanu ndi aŵiri. Wotsatira muyezo wa eni Chingerezi amapezeka akuthamangitsa lilime kuti nthaŵi imukwanire.

Chotsala ndi kuima, kutenga wotchi, ndi kuŵerenga mokweza paliŵiro limene nkhaniyo idzaulutsidwire. Pamene mpweya wathera paikidwe chizindikiro, ndipo ngati chagwera pakati pa ganizo, chiganizocho chiduliridwe pena. Winston Churchill ankalembetsa zolankhula zake m'mizere yaifupi yooneka ngati masalimo, mzere uliwonse kuthera popumira. Njira yomweyo ingathandize mlembi wa mpingo woŵerenga zolengeza kapena wachibale amene wauzidwa kuti afupikitse mbiri ya malemu chifukwa dzuŵa lapendeka. Asanaimirire pagulu, amuŵerengere munthu mmodzi amene sanaone pepalalo, kenaka amufunse zimene wamva.