Kabuku komwe kamalankhula makina akali kulira

Munthu akalembedwa ntchito pafakitale, kaya ndi ku Kanengo mu Lilongwe kapena ku Makata mu Blantyre, tsiku loyamba mutu wake umakhala pa zina. Amaganiza za malipiro, za kapitawo, komanso za kuopa kuoneka mbuli pamaso pa anzake. Tsiku lomwelo ndiye amalandira kabuku kofotokoza mmene angadzitetezere ku ngozi. Kabukuko kakakhala ka masamba 40 a Chingerezi cholemera, amakapinda n'kukaika m'thumba la ovolosi, ndipo nkhani yathera pomwepo. Kabuku kabwino kamakhala kaching'ono, kodzaza zithunzi, ndipo tsamba lililonse limanena chinthu chimodzi chokha.

Titenge tsamba limodzi, lomwe ine ndimati ndilo mtima wa kabuku kotere: zoyenera kuchita thumba likakodwa pa lamba wonyamula katundu. Mlendo pantchito akaona thumba lakodwa, dzanja limathamanga lokha kukalikoka, poti aliyense amafuna kuonetsa changu. Apa ndi pomwe zala zimatsalira, pamalo pomwe lamba amakumana ndi chigudumu chomuzunguza.

Wolemba wosazolowera amalemba chonchi: "Ogwira ntchito onse akuyenera kuonetsetsa kuti njira zoyenera zothimitsira makina zatsatidwa asanayambe kuchotsa chilichonse chimene chatsekereza." Mawuwa ndi oona, koma sakuuza munthu choti agwire. Tsamba lolembedwa bwino limagawa ntchitoyi m'zithunzi zisanu zokhala ndi manambala, chilichonse ndi chiganizo chake pansi. Dinani batani lofiira. Itanani kapitawo. Zimitsani magetsi pa swichi yaikulu. Khomani loko wanu pa swichiyo, kiyi muike m'thumba. Yesani kuyatsa makinawo. Akapanda kulira, apo ndiye dzanja lingalowe, ndipo ngakhale pamenepo ndi dzanja la munthu yekhayo amene adaphunzitsidwa ndi kuloledwa.

Pa zisanuzi, ziwiri n'zimene zimakonda kusowa m'timabuku tolembedwa mwachangu. Choyamba ndi loko. Batani lofiira limaimitsa makina, koma silichotsa magetsi. Mnzanu wobwera kuchokera kumbuyo, amene sakukuonani, akhoza kulimasula n'kuyatsa lamba inu dzanja lili mkati. Loko wokhala ndi kiyi mmodzi, ali m'thumba mwanu, ndiye amatseka mpata umenewo. Anthu atatu akamagwira ntchito pamakina amodzi, maloko amakhalanso atatu. Chachiwiri ndi kuyesa kuyatsa, chifukwa munthu akhoza kukhoma swichi ya makina ena n'kumaganiza kuti watetezeka. Ndipo makina oyendera mpweya amasunga mphamvu m'mapaipi ngakhale magetsi atazima, choncho pamenepo pamafunika chithunzi chachisanu ndi chimodzi chosonyeza potulutsira mpweyawo.

Chichewa chathu chili ndi msampha wake pa nkhani imeneyi. Mawu akuti "mugwire" ndi "musagwire" amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, zobisika pakati pa mawu. Munthu wowerenga movutikira, kapena wotopa pa ntchito ya usiku, akhoza kuzilumpha. N'chifukwa chake nkwabwino kuuza munthu choti achite, monga "Manja akhale kutali ndi lamba", ndipo pomwe kuletsa sikungapeweke, chiganizo chiyambe ndi "Osa" pamaso penipeni: "Osagwira". Chinthu chimodzi chikhalenso ndi dzina limodzi. Mukachitcha swichi patsamba 3, musachitche chozimitsira patsamba 7, chifukwa mlendo adzayamba kufunafuna zinthu ziwiri. Dzinalo likhale lomwe akapitawo amatchula tsiku ndi tsiku, ngakhale likhale lobwereka.

Zithunzi nazo zimanama. Chithunzi chotengedwa m'buku lakunja chimaonetsa makina owala, batani lili kumanja, pomwe makina a pafakitalepo ndi akale ndipo batani lili kumanzere, kuseri kwa chipilala. Pa ngozi, dzanja limapita komwe diso lidaphunzira. Chithunzi chijambulidwe pamakina enieniwo, wojambula ataima pomwe wogwira ntchito amaima, ndipo zonse zosafunika kumbuyo zichotsedwe. Munthu aoneke thupi lonse kapena mbali yaikulu, chifukwa dzanja lokha loyandama papepala limasokoneza. Poonetsa cholakwa ndi cholondola, ziwirizo zikhale moyandikana, ndipo mzere woletsa usaphimbe chinthu chomwe chikuletsedwacho.

Pali zizindikiro zomwe wolemba sayenera kudzipekera. Mayiko ambiri amatsatira muyezo wa ISO 7010, womwe udatuluka koyamba mu 2003. Chozungulira chofiira chokhala ndi mzere wopingasa chimaletsa. Cha ngodya zitatu chachikasu chimachenjeza. Chozungulira chabuluu chimalamula, monga kuvala zotseka m'makutu. Cha ngodya zinayi chobiriwira chimasonyeza potulukira kapena pothandizira ovulala, ndipo cha ngodya zinayi chofiira chimasonyeza zozimitsira moto. Zomwe zili m'kabuku zifanane ndi zomwe zili pakhoma. Vuto lomwe timalidziwa tonse ndi la fotokope: timabuku tikatha, ofesi imachulukitsa ena opanda mitundu, ndipo buluu ndi chofiira zonse zimasanduka zotuwa. Choncho tsambali liphunzitsenso kaumbidwe ka chizindikiro, osati mtundu wokha.

Kufupikitsa nako kuli ndi malire. Chiganizo chakuti "Valani magolovesi nthawi zonse" n'chachifupi, n'chomveka, koma n'choopsa. Pamakina ozungulira, monga oboolera zitsulo, golovesi imakodwa n'kukokera dzanja mkati. Chimodzimodzi mpango, malaya olendewera ndi tsitsi lalitali losamanga. Lamulo lalifupi liyenera kunena malo ake: magolovesi ponyamula malata, manja opanda kanthu pamakina oboolera. Manambala nawo asandutsidwe chinthu chomwe munthu angayese yekha. Phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8 limawononga makutu pang'onopang'ono, koma palibe amayenda ndi choyezera. Ndi bwino kulemba kuti: "Ngati mukukuwa kuti mnzanu wapafupi amve, valani zotseka m'makutu."

Nanga tingadziwe bwanji kuti tsamba lagwira? Kufunsa kuti "Mwamva?" n'kutaya nthawi. Munthu wolembedwa dzulo sanganene kuti ayi kwa bwana. Amangoti "Eya, bwana" n'kusaina. Njira yake ndi kuphimba mawu onse, kuonetsa chithunzi chokha kwa anthu angapo atsopano, mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti: "Mukuona chiyani apa? Inu mukadatani?" Wina akaona chithunzi cha loko n'kunena kuti ndi potsekera akuba, cholakwa si chake, n'cha chithunzi, ndipo chijambulidwenso. Kenako mupite naye pamakinapo, aloze yekha batani ndi swichi popanda womuthandiza. Wofunsa akhale wogwira ntchito mnzake, chifukwa kwa iyeyo munthu amamasuka kunena kuti sanamvetse.

Ku Malawi, lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la 1997 lidaika udindo pa olemba ntchito wopereka uthenga, malangizo, maphunziro ndi uyang'aniro. Kabuku ndi kagawo chabe ka udindowo. Sikalowa m'malo mwa chotchinga chomwe chidachotsedwa pa lamba, ndipo tsamba lonena za loko n'lopanda pake ngati stolo ilibe maloko. Inu amene mwangoyamba ntchito, tengani kabuku kanu, muime nako pamakina anu, ndipo chilichonse chomwe chili pachithunzi koma pamakinapo palibe, kafunseni kapitawo musanayatse.