Kulipiriratu Gemu Kapena Kudikira Ndemanga?

Gemu ya Cyberpunk 2077 isanatuluke pa 10 Disembala 2020, anthu pafupifupi 8 miliyoni anali atalipira kale. Akatswiri ounika magemu anapatsidwa yapakompyuta yokha, ndipo ambiri anaiyamikira. Koma pa PlayStation 4 inkajemajema n'kumazima, mpaka kampani ya Sony inaichotsa pamsika wake wapaintaneti ndi kubweza ndalama kwa ofuna.

Mukamalipiriratu m'sitolo, mumasiya dipoziti yomwe amadzaichotsera pamtengo tsiku lotenga katunduyo. Paintaneti nthawi zambiri amatengeratu ndalama zonse. Musanapereke, funsani ngati adzakubwezerani mukasintha maganizo.

Gemu imodzi imagulitsidwanso pamitengo yosiyana. Bokosi lodula la Cyberpunk 2077 linali ndi chidole komanso buku la zithunzi, koma gemu inali yomweyo, mavutonso omwewo. Mphatso zokopera olipiriratu, monga zovala kapena zida za m'gemumo, sizikonza gemu yoduka mwendo.

Mabokosi otere amapangidwa ochepa, choncho owafunitsitsa ali ndi chifukwa cholipiriratu. Koma gemu yodawunilodi siitha pamsika. Dikirani masiku angapo, muwerenge ndemanga za anthu omwe aisewera pa makina ofanana ndi anu.