Kuwerengera Kulemera kwa Chitsulo Chimene Magetsi Amamata

Magetsi akadutsa m'madzi amene mwasungunuka mchere wa chitsulo, chitsulocho chimatuluka m'madzimo n'kumatirira pa mbale imene yalumikizidwa ku mbali ya batire yolembedwa chizindikiro cha −. Ntchito imeneyi imatchedwa elekitirolisisi. Mbale imene chitsulo chimamatirirapo ndi kathodi, ndipo inzake ya ku mbali ya + ndi anodi. Umu ndi mmene masipuni ndi zibangili amazikutira ndi siliva, ndiponso mmene kopa wa m'migodi amamuyeretsera asanakokedwe kukhala mawaya. Kuchuluka kwa chitsulo chimene chimamatirira sikuchitika mwamwayi ayi. Munthu akadziwa mphamvu ya magetsi, nthawi imene adutsa, ndi mtundu wa ayoni ya chitsulocho, atha kunena kulemera kwake asanayike n'komwe mbaleyo pa sikelo. Malamulo ake anawapeza ndi Michael Faraday wa ku England, amene anawafalitsa m'zaka za 1833 ndi 1834.

Chiyambi cha nkhani yonse chili m'madzimo. Kopa salifeti, mchere wa mtundu wa buluu umene umapezeka m'malabotale a m'sukulu za sekondale, ukasungunuka umamasula maayoni a kopa. Ayoni imeneyi ndi atomu ya kopa imene yataya maelekitironi awiri, n'chifukwa chake imalembedwa Cu²⁺. Kuti ibwerere kukhala kopa wolimba, wofiirira uja, iyenera kulandira maelekitironi awiri omwewo, ndipo imawapeza pa kathodi:

Cu²⁺ + 2e⁻ → Cu

Ayoni ya siliva, Ag⁺, imasowa elekitironi imodzi yokha. Ya aluminiyamu, Al³⁺, imasowa atatu. Zili ngati katundu wa pamsika: maelekitironi ndi ndalama, ndipo atomu iliyonse ili ndi mtengo wake wosanenerera. Amene wabwera ndi maelekitironi 600 apeza maatomu 600 a siliva, kapena 300 a kopa, kapena 200 a aluminiyamu. Masamu onse otsatirawa akungofuna kuyankha mafunso awiri: maelekitironi adutsa angati, ndipo atomu imodzi ikufuna angati.

Funso loyamba limayankhidwa ndi amita ndi wotchi. Amita imaonetsa maampeya, ndiko kuti kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pa sekondi iliyonse. Magetsi onse amene adutsa amayezedwa mu makulombu, ndipo kulombu imodzi ndi ampeya imodzi yoyenda kwa sekondi imodzi. Choncho:

Q = I × t

Apa Q ndi makulombu, I ndi maampeya, ndipo t ndi nthawi m'masekondi. Nthawiyo iyenera kukhala m'masekondi basi, osati mphindi kapena maola, chifukwa kulombu inakhazikitsidwa pa sekondi.

Maelekitironi ndi ang'onoang'ono kwambiri moti kuwawerenga limodzilimodzi n'kosathandiza. Akatswiri amawawerenga m'magulu otchedwa mamolu, ndipo molu imodzi ndi tinthu 6.02 × 10²³. Molu imodzi ya maelekitironi imanyamula makulombu 96,485, nambala imene m'masukulu amaifupikitsa kukhala 96,500. Nambalayi imalembedwa F polemekeza Faraday. Ubwino wa molu ndi woti imalumikiza zosaoneka ndi zimene sikelo imayeza: molu imodzi ya maatomu a kopa imalemera magalamu 63.5, ya siliva magalamu 108, ya aluminiyamu magalamu 27.

Chitsanzo chabwino ndi cha mbale ziwiri za kopa zoviikidwa m'madzi a kopa salifeti, magetsi a maampeya 2 n'kudutsamo kwa mphindi 30. Mphindi 30 ndi masekondi 1,800, ndiye magetsi onse ndi 2 × 1,800, amene ndi makulombu 3,600. Makulombu amenewa akagawidwa ndi 96,500 apereka mamolu 0.0373 a maelekitironi. Popeza atomu iliyonse ya kopa imatenga maelekitironi awiri, mamolu a kopa ndi theka la nambalayi, 0.01865. Chatsala ndi kuchulukitsa ndi kulemera kwa molu imodzi: 0.01865 × 63.5 ndi magalamu 1.18. Kathodi iyenera kulemera kuposa poyamba ndi magalamu 1.18.

Masitepe anayiwa amasonkhanitsidwa mu mzere umodzi:

m = (I × t × M) ÷ (z × F)

M ndi kulemera kwa molu imodzi ya chitsulocho, ndipo z ndi chiwerengero cha maelekitironi amene ayoni yake imafuna. Mzerewu ndi wachidule, koma wophunzira amene amauloweza pamtima osadziwa masitepe ake amasochera msanga funso likatembenuzidwa. Kuyenda sitepe ndi sitepe n'kodalirika kwambiri, chifukwa njira yomweyo imayendekanso chobwerera. Wofuna magalamu 5 a kopa agawa 5 ndi 63.5 n'kupeza mamolu 0.0787 a kopa. Amenewa amafuna mamolu 0.1575 a maelekitironi, omwe ndi makulombu pafupifupi 15,200. Pa maampeya 2, imeneyo ndi nthawi ya masekondi 7,600, kapena maola 2 ndi mphindi 7.

Mphamvu ya nambala ya z imaoneka bwino makulombu 3,600 omwe aja akagwiritsidwa ntchito pa zitsulo zina. Siliva apereka 0.0373 × 108, amene ndi magalamu 4.03, kuposa kopa katatu ndi kupitirira. Zifukwa zake ndi ziwiri: atomu ya siliva ndi yolemera, ndiponso imangofuna elekitironi imodzi. Aluminiyamu apereka magalamu 0.34 okha, pakuti ndi wopepuka koma amafuna maelekitironi atatu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mafakitale a aluminiyamu amadyera magetsi ochuluka zedi. Komanso aluminiyamu satuluka m'madzi monga kopa. Amamutulutsa mu mchere wosungunulidwa ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 950. Ngakhale zili choncho, masamu ake sasintha.

Zolakwa zimene zimachitika powerengera ndi zochepa ndipo zimadziwika msanga. Woyiwala kusintha mphindi kukhala masekondi m'chitsanzo cha kopa chija apeza magalamu 0.02, yankho lochepa ka 60 kuposa loyenera. Woyiwala kugawa ndi z apeza magalamu 2.37, kawiri ka yankho loona. Nambala ya z isamangoganiziridwa, chifukwa chitsulo chimodzi chitha kukhala ndi maayoni amitundu iwiri: kopa ali ndi Cu⁺ ndi Cu²⁺, ndipo ayironi ali ndi Fe²⁺ ndi Fe³⁺. Dzina la mchere kapena chilembo chake ndi chimene chimanena ayoni imene ili m'madzimo. Njira yachangu yoyesera yankho ndi kukumbukira kuti ampeya imodzi yoyenda ola lathunthu imamata kopa wokwana pafupifupi magalamu 1.2. Yankho likatalikirana kwambiri ndi muyeso umenewu, penapake palakwika.

Sikelo kawirikawiri imasiyana pang'ono ndi masamu, ndipo kusiyanako kumaphunzitsa zambiri. Kathodi itayamba ndi magalamu 12.40 n'kuthera pa 13.52, ndiye kuti yapeza magalamu 1.12 m'malo mwa 1.18, kapena 95 pa 100 alionse. Kupereweraku kumatanthauza kuti maelekitironi ena anapita ku ntchito ina, kapena kopa wina sanagwire. Magetsi akachuluka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa mbale, kopa amamera ngati ufa woderapo umene umayoyoka potsuka, ndipo pa kathodi pamayamba kuoneka thovu la mpweya wa hayidulojeni. Thovu lililonse ndi maelekitironi amene sanapange chitsulo. Mbale yosachotsedwa mafuta a zala nayonso imakana kopa m'malo ena. Koma sikelo ikaonetsa kulemera koposa kwa masamu, vuto limakhala pa kayezedwe: mwina mbale yayezedwa ikadali yonyowa, mwina mchere wa buluu wawumirapo, kapena amita imaonetsa maampeya ochepa kuposa amene amadutsa. N'chifukwa chake mbale imatsukidwa ndi madzi oyera, kuwumitsidwa bwinobwino, kenako n'kuyezedwa. Magetsi nawonso ayenera kuyang'aniridwa nthawi yonse, chifukwa Q = I × t imagwira ntchito pokhapokha maampeya akhale osasintha, pamene batire ikamafooka amatsika.

Ku migodi ya ku Zambia masamu omwewa amagwira ntchito pa muyeso waukulu. Ku Mufulira kopa wosayera amamuumba kukhala maanodi, amene amasungunuka pang'onopang'ono pamene kopa woyera akuwunjikana pa kathodi. Ku Nchanga, m'tauni ya Chingola, kopa amayamba wamusungunula ndi asidi, kenako magetsi n'kumutulutsa m'madziwo. Mwachitsanzo, thanki imene ikulandira maampeya 30,000 kwa maola 24, omwe ndi masekondi 86,400, imalandira makulombu 2,592,000,000. Amenewa ndi mamolu 26,860 a maelekitironi, opereka mamolu 13,430 a kopa, olemera makilogalamu 853. Ngati maelekitironi 90 okha pa 100 alionse ndi amene akupanga kopa, thankiyo itulutsa makilogalamu 768 pa tsiku. Matanki amalumikizidwa motsatizana kuti magetsi omwewo adutse mu lililonse, choncho matanki 100 apereka kopa wochuluka ka 100 ngakhale amita ikuonetsabe maampeya 30,000.

Makilogalamu 85 osowawo ali ndi kumene apita. Ayironi wotsalira m'madzi ndi mbala yaikulu: Fe³⁺ imalanda elekitironi pa kathodi n'kukhala Fe²⁺, kenako imakaitaya pa anodi n'kubwereranso kudzalanda ina, ulendo wosatha umene sumata kanthu. Vuto lina ndi timitu ta kopa timene timamera pa kathodi mpaka kukhudza anodi. Zikatero magetsi amadutsa mu chitsulo m'malo modutsa m'madzi, ndipo mbale yoteroyo imadziwika chifukwa imatentha kuposa zinzake.

Mavoti sapezeka paliponse mu mzere wa Faraday, ndipo izi n'zoona ngakhale zimadabwitsa ambiri. Kulemera kwa chitsulo kumadalira chiwerengero cha maelekitironi, pamene mavoti amanena za mphamvu yofunika kuwakankha. Thanki yoyeretsa maanodi a kopa imafuna gawo chabe la voti imodzi, pafupifupi 0.3, chifukwa kopa amangochoka pa mbale ina kupita pa inzake. Thanki yotulutsa kopa m'madzi a asidi imafuna mavoti pafupifupi 2, chifukwa pa anodi pamakhala ntchito yovuta yophwanya madzi kuti patuluke okosijeni. Pa maampeya ofanana matanki awiriwa amayenera kumata kopa wofanana, koma yachiwiriyi imadya mphamvu yochuluka. Mavoti 2, maampeya 30,000 ndi maola 24 zimapereka mayunitsi 1,440 a magetsi, ndipo akagawidwa ndi makilogalamu 768, kilogalamu iliyonse ya kopa imatenga pafupifupi mayunitsi 1.9.