Nyalugwe wa pa logo yanu asasanduke chidontho cha inki

Mwatsegula kabizinesi ku Mfuwe, pafupi ndi geti ya South Luangwa, ndipo pa logo mwaika nyalugwe wamawanga. Pa kompyuta aoneka bwino, manje muyeseni pa chidindo. Mawanga akathithikana, inki imalowa m'mipata, nyalugwe n'kukhala chidontho chabe. Musanamalize kulipira wojambula, muuzeni akupatseni logo za mitundu inayi.

Ya chidindo ikhale yakuda yokha, yopanda mithunzi. Mawanga asanu akuluakulu akwana.

Ya pa shati yakuda kapena yobiriwira ikhale yoyera, mu PNG yopanda mtundu kumbuyo. JPG imabwera ndi kabokosi koyera kozungulira chithunzi. Wojambula asangotembenuza mitundu, chifukwa maso a nyalugwe adzaoneka monga a chipuku. Awajambulenso.

Yosoka ndi ulusi pa yunifomu ifuna zilembo zosachepera mamilimita 5 kutalika, ndi mizere yonenepa milimita imodzi kapena kuposa. Zikachepa, "e" ndi "a" zimatsekeka. Ndevu za nyalugwe zichotseni.

Ya pa foni ndiye kang'onong'ono. WhatsApp imadula chithunzi mozungulira, choncho ikani mutu wa nyalugwe pakati, popanda dzina kapena nambala.

Kuyesa sikudula. Chitani fotokope logo iliyonse pa saizi ya chikhadabo cha chala chachikulu, muonetse mnzanu. Akati "ka pusi aka", ibwezeni kwa wojambula.