Positala ya bizinesi yanu izidziwika munthu asanaiwerenge

Anthu ambiri ochita bizinesi zazing'ono amapanga okha mapositala pafoni, koma Lolemba amatulutsa yofiira, Lachitatu yobiriwira ya zilembo zopiringizika, Loweruka ina yooneka ngati ya maliro. Kasitomala amene akungodutsa ma sitetasi a pa WhatsApp sangadziwe kuti zonsezi ndi za munthu mmodzi. Onani makampani a mafoni: chikwangwani chofiira mumadziwira patali kuti ndi cha Airtel, chobiriwira ndi cha TNM. Zimenezi mungazichitenso ndi apu yaulere monga Canva, bola musankhe kamodzi n'kukakamira pomwepo.

Tiyerekeze mayi wophika makeke amene akufuna kulengeza mitengo sabata iliyonse. Mitundu itatu ikumukwanira: wotuwira ngati mkaka wa kumbuyo, wabulauni wakuda wa zilembo, ndi walalanje wa mtengo ndi nambala ya foni basi. Vuto limabwera posankha mtundu ndi chala pa kabokosi ka mitundu, chifukwa lalanje wa lero safanana ndi wa mawa. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake ya zizindikiro 6 zotsogozedwa ndi #. Ziwiri zoyamba zimanena kuchuluka kwa kufiira, zapakati kubiriwira, zomaliza buluu. Mayiyu angatenge awa:

```
#FFF3E0
#4E342E
#E65100
```

Mu Canva amakhudza mawu kapena kumbuyo kwa positala, n'kutsegula gawo la mitundu, n'kulemba nambalayo m'malo mosankha ndi maso. Manambalawa awalembenso m'kope la ngongole lija, chifukwa foni imabedwa kapena kufa.

Zilembo nazo zisapose mitundu iwiri. Anton, ya zilembo zonenepa ndi zazitali, imagwira bwino mutu monga KEKE YA UKWATI, pomwe Open Sans imawerengeka mosavuta pa mawu ang'onoang'ono. Zilembo zokhala ngati zolemba pamanja n'zokongola ndithu, koma pa nambala ya foni n'zoononga malonda: 1 ndi 7 zikafanana, kasitomala aimbira munthu wina. Ngati mumalemba Malaŵi ndi ŵ, yesani kaye chilembocho, chifukwa masitayelo ena alibe ŵ. Mudzazindikira poona kuti chatuluka chosiyana ndi zinzake, kapena pangobwera kabokosi.

Tsono chinsinsi chenicheni n'chakuti positala imapangidwa kamodzi kokha. Mayi uja atsegule tsamba la 1080 x 1920, womwe ndi mlingo wa sitetasi, aike dzina la bizinesi pamwamba, chithunzi cha keke pakati, mtengo m'munsi mwake, nambala pansi. Asafikitse mawu kumapeto kwenikweni, poti pamwamba ndi pansi WhatsApp imaikapo zakezake. Positala imeneyi ndi mayi wa zonse, ndipo saigwiranso. Sabata yamawa amadina Make a copy, n'kusintha chithunzi ndi mtengo pa kopeyo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo bando sitha kwambiri kusiyana ndi kufufuza matempuleti atsopano tsiku lililonse. Kunena zoona, matempuletiwo ndiwo amasokoneza anthu, chifukwa iliyonse imabwera ndi mitundu ndi zilembo zake.

Zaulere zili ndi malire ake. Chithunzi kapena zilembo zokhala ndi kachisoti kachifumu n'zolipira, choncho zipeweni musanayambe kuzikonda. Kusintha mlingo wa positala ndi batani limodzi n'kolipiranso, ndiye yosindikiza papepala la A4 muipange payokha ndi manambala a mitundu omwe aja. Kumene netiweki imavuta, PixelLab ya pa Android imagwira ntchito popanda bando, ndipo nayo imalandira manambala a mitundu.

Posindikiza ndi pamene ambiri amakhumudwa. Foni imaonetsa mitundu ndi kuwala, pulinta ndi inki, motero lalanje wowala pafoni amatuluka wozimiririka papepala. Sungani positala ngati PDF Print, ndipo potumiza kwa osindikiza pa WhatsApp muitumize ngati Document, chifukwa mukaitumiza ngati chithunzi imafinyidwa ndipo zilembo zimachita mbuu m'mphepete. Ngati mudzachita fotokope yakuda ndi yoyera, dziwani kuti mawu ofiira pa kumbuyo kobiriwira amasanduka imvi pa imvi, osawerengeka. Bulauni wakuda pa mtundu wamkaka amapulumuka chifukwa wina ndi wakuda kwambiri, wina wowala kwambiri.

Musanalipire mapepala 50, sindikizani limodzi, mulimate pakhoma, mubwerere m'mbuyo masitepe asanu. Ngati mtengo ndi nambala ya foni sizikuwerengeka, kulitsani zilembozo ndi kuchotsa mawu ena, kenako musindikize otsalawo.