Chitsulo chopanda nambala: mungadziwe bwanji kuti chakukwanirani?

Anyamata ambiri onyamula zitsulo ku Mponela, ku Madisi, ku Dzaleka kapena pa boma la Ntchisi sanyamula zitsulo zenizeni. Amatenga zitini ziwiri za penti, kuthiramo simenti yosakaniza ndi mchenga ndi miyala, kulowetsa payipi pakati, n'kudikira kuti ziume. Ena amamangirira zitsulo zakale za galimoto. Dzina lokha ndi lomwe latsala kuti "chitsulo". Chitini cha malita 5 chikadzaza konkire chimalemera makilogalamu 11 kapena 12, koma zimenezi zimatengera kuchuluka kwa miyala ndi mmene munatsindirira. Palibe analembapo nambala.

Vuto limayamba mnyamata wotere akapeza ndondomeko ya masewera pa foni. Imamuuza kuti anyamule 75 peresenti ya katundu amene angathe kumunyamula kamodzi kokha. Kuti awerengere zimenezi, ayenera kudziwa kulemera kwa chitsulo chake, ayenera kuyesa katundu wolemetsetsa amene angamukwanitse, komanso ayenera kukhala ndi timbale tachitsulo tosiyanasiyana toti azionjezera pang'onopang'ono. Zitatu zonsezi alibe.

Ndipo ngakhale akanakhala nazo, maperesenti amanamiza. M'chaka cha 2014, akatswiri awiri a ku Britain, Richens ndi Cleather, anayesa othamanga mitunda italiitali pamodzi ndi onyamula zitsulo pa makina okankha ndi miyendo. Aliyense anapatsidwa 70 peresenti ya mphamvu zake. Onyamula zitsulo anakankha pafupifupi ka 18, pomwe othamanga anafika pafupifupi ka 40. Peresenti inali yofanana, koma ntchito imene matupi awo anagwira inali yosiyana kutalitali. Munthu wokulira m'mapiri a Ntchisi, amene miyendo yake inazolowera zitunda ndi njinga yosenza matumba, asadabwe ngati nambala ya m'buku ikumupepukira kumiyendo koma kumulemera kumanja.

Njira ina ndi yodzifunsa funso limodzi mukangotula chitsulo: ndikanapitiriza, ndikanachinyamula kangati kena osapotoza thupi? Kunyamula ndi kutsitsa kamodzi, a m'majimu amati repu, ndipo marepu ochitidwa motsatizana osapuma ndiwo seti. Yankho la funso lija ndi marepu otsala. Pa foni mudzaona atalemba RIR. Mudzaonanso RPE, womwe ndi muyeso wa mmene mwiniwake wamvera kulemera kwa ntchitoyo.

Muyeso wachiwiriwu unayamba ndi Gunnar Borg, katswiri wa ku Sweden, amene anakonza manambala oyambira pa 6 kufika pa 20 oti munthu wopalasa njinga kapena wothamanga azinenera mmene watopera. Unali wa mtima ndi mpweya. Onyamula zitsulo anaupeza wosakwanira, chifukwa mawu oti "zolemera kwambiri" aliyense amawamva mwake. Mike Tuchscherer, wonyamula zitsulo wa ku America, anaukonzanso m'buku lake la mu 2008, ndipo mu 2016 Michael Zourdos ndi anzake anauyesa pa kafukufuku. Iwo anamangirira nambala iliyonse ku marepu otsala. Mukati 10, ndiye kuti simukanathanso kuonjezera ngakhale kamodzi. Mukati 9, inatsala repu imodzi. 8, anatsala awiri. 7, anatsala atatu. Kutsika apo, kuyerekeza kumayamba kusokonekera. Kunena zoona, wongoyamba kumene safunika manambala awiri. Kuwerenga otsala n'kokwanira.

Tiyeni titenge chitsanzo. Mnyamata wa ku Mponela ali ndi zitsulo zitatu za simenti: chaching'ono, chapakati ndi chachikulu. Akufuna kulimbitsa chifuwa ndi manja pokankha chitsulo atagona chagada pa benchi. Cholinga chake chikhale maseti atatu, seti iliyonse marepu apakati pa 6 ndi 12, kusiya kutatsala awiri.

Ayambe ndi chaching'ono kuti thupi litenthe, marepu 10, osadzitopetsa. Kenako atenge chapakati. Tinene kuti wafika pa 12 ndipo chitsulo chikukwerabe mwaliwiro lomwe chinayambira. Chimenecho chamupepukira, otsala ndi ambiri. Apume mphindi zitatu, atenge chachikulu, mnzake ataima kumutu. Repu yoyamba mpaka yachinayi zikukwera bwino. Yachisanu yayamba kuchedwa. Yachisanu ndi chiwiri yakakamira pang'ono pakati pa njira isanamalizike, ngakhale iye akukankha ndi mphamvu zake zonse. Apo atule. Wachita 7, ndipo mwina atsala awiri. Chitsulo chake chogwirira ntchito wachipeza, osadziwa n'komwe kuti ndi makilogalamu angati.

Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi kuchedwa kumeneko. Si kuchedwa kochita kufuna ayi, koma koti inu mukukankha mofulumira, chitsulo n'kumakwera mwaulesi. Minofu ikamayandikira polekezera, liwiro limatsika repu ndi repu. Kutentha kwa m'minofu ndi kupuma mwawefuwefu si umboni wokwanira, chifukwa zimenezi zimabwera msanga, makamaka pa maseti aatali, mphamvu zikadalipo. Chizindikiro china ndi kusintha kwa kanyamulidwe: matako kudzuka pa benchi, dzanja limodzi kutsogola, kapena chitsulo kudundidwa pa chifuwa kuti chibwerere chokha. Repu yotere isawerengedwe m'gulu la otsala. Timawerenga zokhazo zimene zikanatuluka zoyera.

Seti yachiwiri siifanana ndi yoyamba. Atapuma mphindi ziwiri kapena zitatu, mnyamata uja akhoza kufika pa 6 n'kumva kuti otsala ndi awiri kale. Asiye pomwepo. Cholakwa chofala ndi kuumirira pa 7 chifukwa choti seti yoyamba inafika pamenepo. Chimene tikusunga chosasintha ndi marepu otsala. Ochitidwawo akhoza kutsika. Ngati seti yachitatu yagwa mpaka pa 4, ndiye kuti sanapume mokwanira kapena seti yoyamba anaifikitsa pafupi kwambiri ndi mapeto kuposa mmene amaganizira. Amalize ndi chitsulo chapakati.

Nanga kupita patsogolo kumaoneka bwanji pomwe chitsulo sichisintha? Kumaonekera m'kope. Alembe tsiku, chitsulo, marepu ochitidwa ndi otsala. Masabata akamapita, 7 uja asanduka 8, kenako 10, otsala akadali awiri. Tsiku limene adzafike pa 12 m'maseti onse atatu, nthawi yoonjezera katundu yakwana. Sipafunika kuumba chitsulo china msanga. Timatumba tiwiri ta mchenga wouma, lita imodzi m'kathumba kalikonse, tomangidwa zolimba mbali zonse ziwiri za payipi, tionjezera pafupifupi makilogalamu atatu. Marepu adzatsikanso, ulendo n'kuyambiranso. Kwa amene amachita masikwati atakumbatira chigubu, masamu ake ndi ophweka koposa: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi.

Tsopano pali chinthu chimene okonda njirayi sachinena mokweza: anthu timadzinamiza. Kafukufuku wosiyanasiyana, amene Israel Halperin ndi anzake anamusonkhanitsa pamodzi mu 2022, anaonetsa kuti anthu kawirikawiri amachepetsa marepu amene awatsalira, ndipo amalakwitsa kwambiri seti ikakhala yaitali kapena akamayerekeza akadali kutali ndi mapeto. Munthu amene sanafikepo polephera sadziwa kuti kulephera kumamveka bwanji. Akati atsala awiri, mwina atsala asanu ndi awiri. Akatero amakhala miyezi akunyamula katundu wopepuka, n'kumadandaula kuti thupi silikusintha.

Mankhwala ake ndi kuyesa sikelo ya m'mutu mwanuyo nthawi ndi nthawi. Pa seti yomaliza, mukafika pamene mukuganiza kuti atsala awiri, nenani mokweza kuti mnzanu amve, kenako pitirizani mpaka repu yoyera itakanika. Mukachita awiri kapena atatu, sikelo yanu ili bwino. Mukachita asanu ndi limodzi, dziwani kuti mwakhala mukusiya msanga, ndipo muonjezere katundu kapena marepu. Kuyesa kotere kuchitike kamodzi pa masabata angapo, ndiponso pa masewera amene kulephera kwake sikungakupwetekeni: mapushapu, kukoka chitsulo, kupinda mkono. Pa benchi, pokhapokha pali mnzanu wamphamvu woti awakhe chitsulo. Pa sikwati yosenza payipi pamapewa popanda poikhazika, musayese. Simenti ikatsetsereka siikambirana ndi msana.

Kulakwitsa kwa mbali inayo kumachokera kwa anzathu. Pabwalo pakakhala gulu, wina amakuwa kuti, "Ina imodzi, aise, usatichititse manyazi!" Seti iliyonse imathera poti chitsulo achite kukuchotsera pa chifuwa. Kafukufuku sasonyeza kuti kufika polephera nthawi zonse kumapatsa mphamvu zoposa kusiya patatsala pang'ono. Chimene chimachuluka ndi kutopa, ndipo maseti otsatira amaonongeka. Kwa ine, kusiya kutatsala repu imodzi mpaka atatu ndiye malo abwino ogwirira ntchito masiku ambiri.

Kumene njirayi imaposa maperesenti kwenikweni ndi pa moyo wa kuno. Peresenti imawerengedwa kuchokera pa mphamvu za tsiku limodzi, ngati kuti munthu amakhala chimodzimodzi chaka chonse. Koma mu Okutobala ndi Novembala munthu wa ku Dowa amakhala atapanga mizere kuyambira m'bandakucha. Mu Januwale ndi Febuluwale kupalira ndi kubandira kwafika pachimake, ufa m'nyumba zambiri utachepa. Wa kabaza amene wakwera zitunda za ku Mvera tsiku lonse sangayembekezere kuti madzulo miyendo ichite zomwe inachita Lamlungu. Pa masiku oterewa, chitsulo chomwe chija chimene mumachita nacho 10 chikhoza kuyamba kuchedwa pa 6. Musalimbane nacho. Siyani pa otsala awiri, mulembe m'kope. Koma zikapitirira kutsika masabata awiri kapena atatu motsatizana, vuto silili pa chitsulo: yang'anani tulo, chakudya ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo muchepetse maseti kwa sabata imodzi. Amene wangochira malungo ayambe ndi otsala anayi kapena asanu, thupi libwerere pang'onopang'ono.

Pali zina zimene muyeso umenewu suyeza. Ululu wobaya m'phewa, m'bondo kapena m'munsi mwa msana si kulemera kwa ntchito, ndipo sauwerengera marepu otsala, mumatula pomwepo. Chimodzimodzinso kupweteka kwa pamtima, chizungulire, kapena mutu woyamba mwadzidzidzi uku mukunyamula: zimenezi n'zoti akazione a chipatala. Marepu omalizira amachititsa munthu kugwira mpweya, ndipo kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi. Amene ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, kapena wamkulu amene sanayezetsepo, ayambe wakayezetsa, kenako azisiya kutatsala atatu kapena anayi ndipo azitulutsa mpweya pamene akukankha chitsulo.