Kuwerengera wodwala pepala la ku labu popanda kudzisandutsa dokotala

Pepala la zotsatira za magazi likatuluka ku labu, kawirikawiri silifika kwa adokotala lisanadutse m'manja mwa anthu ena. Amayamba kuliona ndi gadiyani yemwe wakhala ndi wodwalayo pabenchi kuyambira m'mawa, kenako mwana wa kusekondale amene amadziwako Chingerezi, ndipo masiku ano limajambulidwanso pafoni n'kutumizidwa kwa mlamu wa ku Joni. Onsewa amafunsidwa funso limodzi: "Ndiye akuti bwanji pamenepa?" Wofunsidwayo safuna kuoneka mbuli, safunanso kusiya m'bale wake ali ndi nkhawa, choncho amayankha zomwe pepalalo silinanene. Wina amati zonse zili bwino. Wina amagwira pakamwa n'kuti zinthu zavuta.

Pali njira ina yothandizira, imene munthu aliyense wodziwa kuwerenga angaikwanitse. Ndiyo kumuuza wodwala mokhulupirika zomwe zalembedwa: chomwe chayezedwa, nambala yomwe yatuluka, malire omwe labu yaika pambali pake, ndiponso mizere yomwe yaikidwa chizindikiro. Tanthauzo lake n'kuwasiyira amene amuona wodwalayo ndi maso, kumufunsa mafunso ndi kumupima. Zikumveka zophweka, koma pamafunika kusamala ndi kudzigwira pakamwa.

Ntchito imayambira pamwamba pa pepala, manambala tisanawafike. Onani ngati dzina, zaka ndi tsiku lotengera magazi zikugwirizana ndi munthu amene mwakhala nayeyo. Kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, ndipo anthu awiri a mayina ofanana akhoza kuyezetsa m'mawa umodzi. Tsiku nalonso n'lofunika, chifukwa m'buku la kuchipatala mumatha kukhala mapepala angapo omatidwa pamodzi, lina la chaka chatha, lina la dzulo. Ngati pepala likuti wodwala ndi mwamuna pomwe ndi mayi, kapena zaka zalakwika, nenani zimenezo msanga, popeza makompyuta a m'malabu ambiri amasankha malire potengera zomwezo.

Tiyerekeze kuti mayi wa zaka 34 wayezetsa magazi, kuyeza kuja komwe papepala amalemba kuti FBC. Manambala ali m'munsiwa ndi ongopereka chitsanzo, ndipo pepala lenileni limakhala ndi mizere yochulukirapo.

```
WBC   3.6    10^9/L   4.0 - 10.0    L
RBC   4.3    10^12/L  3.8 - 4.8
HGB   10.8   g/dL     12.0 - 15.0   L
MCV   74     fL       80 - 100      L
PLT   410    10^9/L   150 - 400     H
```

Mzere uliwonse uli ndi zinthu zinayi kapena zisanu. Choyamba ndi dzina la choyezedwa, kenako nambala ya wodwala, kenako muyezo womwe agwiritsa ntchito, kenako malire, ndipo kumapeto kumakhala chilembo ngati nambala yatuluka kunja kwa malirewo. L akuimira kutsika kupitirira malire a m'munsi, H akuimira kukwera kupitirira malire a m'mwamba. Malabu ena amaika kanyenyezi kapena kamuvi, ena amangodetsa nambalayo.

Wowerenga mosamala angawauze mayiwa motere: "Magazi anatengedwa dzulo m'mawa, dzina ndi lanu. Pa mizere isanu iyi, umodzi uli mkati mwa malire, inayi ili ndi chizindikiro. Himogulobini, yomwe alemba kuti HGB, yatuluka 10.8 g/dL, malire a labu ndi 12.0 mpaka 15.0, ndipo aikapo L. MCV, womwe ndi kukula kwa maselo ofiira, watuluka 74 pomwe malire ndi 80 mpaka 100, aikaponso L. Maselo oyera, WBC, ndi 3.6, malire ndi 4.0 mpaka 10.0, L. Mapulateleti, PLT, ndi 410, malire ndi 150 mpaka 400, aikapo H. Tikalowa tiwafunse adokotala za mizere inayi imeneyi." Palibe chomwe chabisidwa, palibenso chomwe chawonjezeredwa. Kunena kuti MCV ndi kukula kwa maselo ofiira n'kungotchula dzina la chinthu. Kumasulira kumayamba pomwe munthu anena chifukwa chake nambala yatsika, matenda omwe ikusonyeza, kapena mankhwala oyenera kumwa.

Taonani mmene pakamwa pamaterera pa pepala lomweli. Woliwerenga akaona HGB ndi MCV zatsika, amathamangira kunena kuti mayiwa akusowa ayironi, agule mapiritsi owonjezera magazi ndi kudya bonongwe wambiri. Zikhoza kukhala zoona, koma manambala omwewo amatulukanso kwa munthu amene akutaya magazi pang'onopang'ono m'mimba, amene ali ndi njoka za m'mimba kapena likodzo, amene wadwala nthawi yaitali, ngakhalenso amene anabadwa ndi maselo aang'ono mwachibadwa. Komanso ngati mayiwa ali oyembekezera, nkhani imasintha: bungwe la WHO limaika malire a himogulobini pa 13 g/dL kwa amuna, 12 kwa amayi osayembekezera, ndi pafupifupi 11 kwa oyembekezera, pomwe makina mwina sanauzidwe za mimbayo. Pepala silidziwa zonsezi. Amazidziwa ndi amene afunse za msambo, za chakudya, za malungo a mwezi watha.

Mzere wa WBC ndiye umandidetsa nkhawa koposa. Wowerenga akanena kuti "asilikali a m'thupi achepa" kapena "chitetezo chatsika", munthu wa kuno amamva nkhani ya HIV, ngakhale mzerewo suyeza kachilomboko ndiponso si CD4. Mawu awiri oterowo akhoza kugonetsa munthu osadya, kapena kuyambitsa mkangano m'banja, pomwe zolembedwa ndi 3.6, malire 4.0 mpaka 10.0, basi.

Kuti munthu adzigwire, zimathandiza kudziwa komwe malirewa amachokera. Akatswiri amayeza gulu lalikulu la anthu athanzi, n'kutenga manambala a anthu 95 apakati pa 100 alionse kukhala malire. Otsalawo, ochepa kumunsi ndi ochepa kumwamba, amagwera kunja ngakhale sakudwala. Ndiye kuti pa kuyeza kumodzi, munthu mmodzi mwa anthu 20 athanzi amalandira H kapena L. Pepala likakhala ndi mizere yambiri, n'zosadabwitsa kupeza chizindikiro chimodzi kwa munthu wabwinobwino. Kuwonjezera apo, malire ambiri omwe amabwera ndi makina anatengedwa kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America, pomwe n'zodziwika kuti anthu ambiri athanzi a mu Africa amakhala ndi maselo oyera a mtundu wa nyutirofilo ocheperapo mwachibadwa. Makina ali ngati sikelo ya pamsika: imanena kulemera kwa thumba, koma siidziwa ngati muli chimanga chabwino kapena chofumbwa.

Mbali inayo ndi yoonanso, ndipo anthu amaiiwala. Nambala yokhala mkati mwa malire si chikalata chakuti munthu ali bwino. Wina akhoza kudwala kwambiri mizere yonse ili yopanda chizindikiro, chifukwa matenda akewo sali m'zinthu zomwe zayezedwa. N'chifukwa chake mawu akuti "zonse zili bwino" nawonso ndi kumasulira. Choyenera kunena n'chakuti palibe mzere womwe uli ndi chizindikiro. Mofananamo, wowerenga asachotse PLT ya 410 pamndandanda poganiza kuti yangopyola pang'ono. Kuweruza kuti pang'ono ndi pati ndi ntchito ya adokotala, omwe mwina aiyerekeza ndi ya mwezi watha.

Cholakwika china chomwe chimachitika kwambiri ndicho kutaya muyezo, makamaka pokopera manambala pafoni. Shuga amayezedwa m'njira ziwiri, mg/dL ndi mmol/L, ndipo kuti uchoke ku mmol/L kupita ku mg/dL umachulukitsa ndi 18. Shuga wa 5.5 mmol/L ndi yemweyo wa 99 mg/dL. M'bale wokhala ku Britain, yemwe anazolowera mmol/L, akangomva kuti "shuga ndi 99" popanda muyezo, akhoza kuchita mantha aakulu ndi nambala yomwe siili choncho. Pa chifukwa chomwecho, malire azitengedwa papepala lomwelo, osati pa pepala la chipatala china kapena m'mutu, chifukwa makina ndi njira zoyezera zimasiyana. Kadontho ka pakati pa manambala kaonetsetsedwe, pakuti 10.8 ndi 108 n'zotalikirana. Zizindikiro < ndi > zisasiyidwe: <40 akutanthauza kuchepera 40, osati 40.

Kumunsi kwa pepala kumakhala timawu ta a ku labu tomwe ambiri amatidumpha. Akalemba Pending ndiye kuti zotsatira za chinthucho sizinatuluke, ndipo mzere wopanda kanthu usawerengedwe ngati wabwino. Akalemba Clotted, magazi anaundana m'botolo. Akalemba Haemolysed, maselo ofiira anasweka potenga kapena ponyamula magaziwo, zomwe zimatha kukweza nambala ya potaziyamu papepala pomwe m'thupi sinakwere. Mawu otere awerengedwe monga alili ndipo afike kwa adokotala, popeza mwina pafunika kutenganso magazi.

Kusamasulira sikutanthauza kukhala chete zinthu zikathina. Malabu amakhala ndi manambala omwe amawatenga kuti ndi oopsa, ndipo ena amawalemba HH, LL kapena Critical. Mwa dongosolo lake a ku labu amayenera kudziwitsa adokotala mwachangu, koma musangoganiza kuti zachitika. Mukaona chizindikiro chotere, pitani nalo pepala kwa anamwino nthawi yomweyo n'kuwalozera mzerewo, osadikira mzere wa pabenchi kapena tsiku lobwerera. Chimodzimodzinso ngati wodwala akubanika, akukomoka kapena akutaya magazi, ngakhale pepala litakhala lopanda chizindikiro chilichonse.

Pepalali ndi la mwini wake. Liwerengedwe motsitsa mawu, pambali, ndipo lisatumizidwe ku gulu la banja pafoni mwini asanavomere, makamaka ngati muli zotsatira za HIV kapena za mimba. Wodwala akaumirira kuti "koma inuyo mukuona bwanji?", yankho loona ndi lakuti mukuona zomwe mwamuwerengerazo, ndipo zotsalazo mukafunsira limodzi.

Musanalowe m'chipinda cha adokotala, lembani pakapepala mizere yonse yokhala ndi chizindikiro, uliwonse ndi nambala yake, muyezo wake ndi malire ake, ndipo mutenge mapepala akale omwe ali m'buku la kuchipatala. Mukalowa, funsani za mzere uliwonse: ukutanthauza chiyani kwa wodwala ameneyu, pakufunika kuyezanso kapena ayi, ndipo ngati pakufunika, liti. Musatuluke mayankhowo asanamveke kwa mwini wake m'chilankhulo chomwe amamva.